Cithunzi ca matimati pa foni: mau a pansi pake ndiwo malonda

Akale anati malonda ndi m'maso. Ananena zimenezi pamene wogula anali kuima yekha pa thebulo, kunyamula thimati, kulitembenuza, kulitsina pang'ono ndi cala cacikulu wogulitsa akuyang'ana kumbali, kenaka n'kufunsa mtengo. Lero maso aja asamukira pa foni. Amai ambiri ogulitsa ndiwo zamasamba ku Chiparamba, ku Kapata ndi ku Saturday Market mu Chipata ajambula matimati ao m'mawa ndi kuika cithunzico pa WhatsApp, pa malo aja ochedwa Status, kuti onse owadziwa aone. Koma cithunzi simungacitsine, ndipo sicinunkhira. Zonse zimene cala ndi mphuno zinali kuuza wogula tsopano ziyenera kunenedwa ndi mau awiri atatu amene wogulitsa alemba pansi pa cithunzi, m'kabokosi kolembedwa kuti "Add a caption".

Mau amenewa ambiri awalemba mothamanga, ngati cinthu congokwaniritsa mwambo. Pitani pa foni yanu m'mawa uno muone. Mudzapeza cithunzi cokongola, matimati ofiira psu, ndipo pansi pake palembedwa kuti "Fresh tomatoes available" kapena "Matimati alipo, inbox". Ena aonjezapo timaluwa ndi timitima. Wogula aona, akhumbira, koma sadziwa mtengo, sadziwa muyeso, sadziwa kumene muli, ndipo sadziwa ngati matimatiwo ndi a lero kapena a dzana. Cithunzi cikhala pa maso pake masekondi ocepa cabe, n'kubwera ca munthu wina amene waika ukwati wa mphwake. Mwai wapita.

Mlamu wanga agulitsa matimati, anyezi ndi lepu m'mbali mwa mseu ku Chiparamba, m'boma la Kasenengwa lomwe linapatulidwa ku Chipata mu 2018. Alibe dimba lake. Aoda kwa alimi a m'madimba a kufupi, ndipo katundu akaculuka akweza mabokosi kupita nao ku tauni. Zimene ndilemba pano ndinaziphunzira pa thebulo lake, makamaka pa tsiku limene mau a pansi pa cithunzi anamutayitsa kasitomala wamkulu.

Pa Mande anaoda bokosi la matimati abwino, olimba, timapesi take tikali tobiriwira. Anajambula, naika pa Status, nagulitsa theka. Pa Cinai, m'mwezi wa Okutobala dzuwa likuwamba, anatsala ndi beseni limodzi lofewa. Poona kuti cithunzi ca pa Mande cinaturuka bwino, anaciikanso, ndi mau omwe aja akuti matimati afika. Mai wina wophika nsima yogulitsa ku tauni anaciona, natumiza ndalama pa foni, natuma mnyamata pa njinga kuti akatenge. Mnyamata anabwerera ndi matimati okha madzi m'pulasitiki. Mai uja sanakalipe. Anangoleka kuyankha, ndipo kufikira lero agula kwina. Mlamu wanga ati sananame, pakuti matimati anali omwewo. Ine ndinamuuza kuti, mlamu, matimati anali omwewo koma tsiku linali lina, ndipo pa matimati tsiku ndilo mtengo.

Apa pali cinthu cimene ambiri saciganizira. Status, imene WhatsApp inaiyamba mu Febuluwale 2017, ikhala maola 24 kenaka izimirira yokha. Pamwamba pake foni ionetsa nthawi, monga "Today" kapena "Yesterday" ndi ola lake. Koma nthawi imeneyo ndi imene munaika cithunzico, osati imene munacijambula, ndipo kwenikweni si imene thimatilo linathyoledwa ku dimba. Wogula wocenjera adziwa zimenezi, cifukwa cake mau akuti "fresh" sakumuuza kanthu. Aliyense alemba mau amenewo, ngakhale amene matimati ake ayamba kuitana nchenche. Cimene cigwira nchito ndi kuchula tsiku: "othyola lero Cisanu m'mawa", kapena "othyola dzulo madzulo". Dzina la tsiku lilembedwe ndithu. Mukangolemba kuti "lero", munthu wotsegula foni mawa m'bandakuca adzawerenganso kuti "lero", popeza maola 24 aja akali asanathe.

Tsiku likanenedwa, cotsatira ndi kapsedwe. Wogulitsa aliyense wodziwa nchito yake akatsegula bokosi asankhula matimati m'magulu atatu. Pali ofewa, opsa kwambiri, ofunika kuphika lero lomwe. Pali ofiira koma olimba, amene m'nyengo yotentha akhala masiku awiri kapena atatu pa mthunzi. Ndiye pali oyezuka cabe, amene ayamba kusintha mtundu koma akali ndi kubiriwira m'mapewa, ndipo awa apirira masiku oculukirapo ndiponso ulendo. Pa cithunzi ca foni, gulu loyamba ndi laciwiri aoneka cimodzimodzi. Mafoni ambiri amaonjezera okha kufiira kwa zinthu, kotero thimati lofewa lioneka lokoma koposa onse.

Magulu atatuwa ali ndi eni ake osiyana, ndipo gulu lofewa si lonyozeka ai. Mai wophika nsima yogulitsa, kapena banja limene lili ndi maliro kapena cinkhoswe lero, afuna ofewa omwewo cifukwa asungunuka msanga mu mphika ndipo mtengo wake ndi wotsika. Akanauzidwa zoona, mai uja wa ku tauni mwina akanagula beseni lonse la mlamu wanga pa mtengo woyenera ndi kuthokoza. Cinamupweteka n'cakuti analipira mtengo wa olimba, ofuna kusunga masiku atatu. Mphunzitsi amene agula kamodzi pa mlungu afuna gulu laciwiri ndi lacitatu losakaniza, kuti ena azipsa pamene ena akudyedwa. Woyenda ulendo wa ku Mfuwe kapena ku Lusaka afuna oyezuka okhaokha. Mau amodzi cabe, "ofewa ophika lero" kapena "olimba osunga", aitana munthu woyenera ndi kubweza amene akanabwera kudzakhumudwa.

Ngati mudziwa mtundu wa mbeu, uchuleni. Ogula kawirikawiri adziwa kuti Tengeru, mbeu yocokera ku Tanzania, ili ndi mnofu wolimba ndipo siphwanyika msanga m'bokosi, pamene Money Maker ndi wamadzi ambiri ndipo safuna kumusunga nthawi yaitali. Koma ngati simudziwa, lekani. Musalembe Tengeru cifukwa cabe dzinalo ligulitsa.

Tibwere ku mtengo, pamene pali mkangano weniweni. Ogulitsa ambiri safuna kulemba mtengo pa Status, ndipo zifukwa zao si zopusa. Oyamba kuona Status yanu si makasitomala, koma anzanu a pa msika amene muli nao manambala. Mukalemba K5 pa mulu wa asanu, wa thebulo loyandikana aika asanu ndi limodzi. Cinanso, mtengo wa matimati sukhazikika. M'miyezi ya cilimwe, madimba onse akamapsa nthawi imodzi, bokosi ligwa mtengo mpaka mlimi alira. M'dzinja, mvula ikabweretsa matenda a masamba ndi kung'amba zipatso, bokosi lomwelo likwera kowirikiza. Ngakhale pa tsiku limodzi, motoka imodzi yodzaza ikafika pa Saturday Market mtengo wa m'mawa sufika masana. Wogulitsa aopa kudzimanga ndi mau ake.

Ndimvetsa zonsezo, komabe nditi mtengo ulembedwe. Mau akuti "inbox" apatsa wogula nchito: alembe uthenga, adikire, inu muli otanganidwa kupereka cenji, muyankha patapita ola, iye wagula kale pa njira. Ndiponso anthu ambiri acita manyazi kufunsa mtengo kwa munthu wodziwana naye, kuopa kuti akafunsa n'kusagula adzaoneka osauka kapena oumira. Pa Status onse okuonani ndi odziwana nanu. Mankhwala a mtengo wosakhazikika ndi kuupatsa malire: "mtengo uwu ndi wa lero mpaka 16 koloko". Pamenepo mwadzimanga maola owerengeka cabe, ndipo mwapatsa wogula cifukwa cofulumira. Za mnzanu wa pa thebulo loyandikana, iye adziwa kale mtengo wanu, pakuti akumva mukuuchula tsiku lonse.

Mtengo wopanda muyeso ndi theka la nkhani. "Mulu K5" sikunena kanthu ngati cithunzi cionetsa bokosi lathunthu. Mulu wa angati, akulu bwanji? Beseni liti, popeza mabeseni ali a misinkhu yambiri? Njira yosabvuta ndi yakuti cimene cili pa cithunzi cikhale comwe cili pa mtengo. Ngati mugulitsa milu, jambulani mulu, ndipo lembani ciwerengero cake. Ngati ndi baketi, jambulani baketi lomwelo limene mudzapimira, lioneke lonse kuyambira pansi. Ikani bokosi la macisa pambali kuti munthu aone ukulu wa thimati, cifukwa foni ikayandikira kwambiri ngakhale kathimati konga dzira la njiwa kaoneka ngati nkhonya.

Pali liu lina limene ogulitsa amalemba mokondwa osawerengera mtengo wake, ndilo mbasela. Tiyeni tiwerengere limodzi, ndi manambala ongoyerekezera cabe, pakuti mitengo ya pa msika isintha mlungu ndi mlungu. Tinene kuti mwaoda bokosi pa K150. Kulinyamula K20, msonkho wa pa msika K5, mapulasitiki K5, bandulo ya pa foni K5. Zonse pamodzi K185. Mwatsegula bokosi mwawerenga matimati 280, koma 40 ndi ophwanyika pansi kapena oboola mbozi. Atsala 240. Mukaika asanu pa mulu wa K5, mupeza milu 48, ndalama K240, phindu K55. Tsopano mwalemba pa Status kuti "mbasela ilipo". Aliyense wobwera aiyembekezera, pakuti mwalonjeza polemba. Thimati limodzi pa mulu uliwonse litanthauza kuti mulu wakhala wa 6, milu yatsika kufika pa 40, ndalama K200, phindu K15. Liu limodzi lakudyerani K40 mwa K55.

Mbasela ya pa thebulo ndi yosiyana. Pamenepo muipereka mwa kufuna kwanu, kwa amene wagula milu itatu kapena kwa agogo amene muwadziwa, ndipo muitenga pa gulu lofewa limene madzulo mukanataya. Ikaperekedwa mosayembekezera imamanga cibale. Ikalembedwa isanduka ngongole. Ngati mufuna kuilemba, ipatseni malire ake: "wogula milu inai, mbasela awiri ofewa".

Kuwerengera komweku kutionetsa cifukwa cake mau a pansi pa cithunzi ali nkhani ya ndalama. Phindu lonse la bokosi lija ndi milu 11 cabe mwa milu 48. Milu 11 ikafewa n'kugulitsidwa theka la mtengo, theka la phindu lapita. Ikaola, mwagwira nchito masiku atatu pacabe. Nchito ya Status si kukuchukitsani, koma kucititsa kuti bokosi lithe tsiku laciwiri m'malo mwa lacinai.

Nanga malo? Ogulitsa aganiza kuti popeza onse oona ndi owadziwa, adziwanso kumene akhala. Koma wa ku Chiparamba lero ali pa mseu kwao, mawa ali ku tauni. Lembani kumene muli lero ndi cizindikiro cimene mnyamata wa njinga angacipeze, monga pafupi ndi cigayo, kapena mzere wa anyezi kulowera ku geti. Ngati mupereka kunyumba, nenani makomboni amene mufikako, kaya Kapata, Mchini kapena Nabvutika, ndipo nenani amene alipira njinga. Mikangano yambiri ya malonda a pa foni siyambira pa katundu, iyambira pa K10 ya wonyamula imene aliyense anaganiza kuti mnzake ndiye alipira.

Tikaphatikiza zonsezi, mau amene mlamu wanga alemba masiku ano aoneka motere:

"Matimati a Tengeru, othyola lero Cisanu m'mawa. Olimba osunga: mulu wa 5, K5. Ofewa ophika lero: mulu wa 8, K5. Ndili pa mseu pa Chiparamba pafupi ndi cigayo mpaka 16 koloko."

Mulibe liu lokometsera ngakhale limodzi. Ndi aafupi mwadala, cifukwa mau a pa Status akhala pamwamba pa cithunzi comweco m'munsi mwake, ndipo akatalika aphimba matimati amene mufuna kuonetsa. Za cilankhulo, lembani cimene ogula anu alankhula pogula. Anthu a kuno sagula matimati m'Cizungu, ngakhale aphunzitsi ndi anesi. Moni wa m'mawa kapena mau a m'Baibulo, amene ambiri akonda kuyamba nao, angakhale ndi Status yaoyao.

Pali mau ena amene ndipempha kuti asalembedwe wamba, akuti "opanda mankhwala". Kuyambira 2016, pamene mbozi ya Tuta absoluta, yocokera ku South America, inalowa m'Zambia, kulima matimati osapopera kwakhala kobvuta kwambiri, ndipo m'dzinja alimi apoperanso mankhwala a matenda a masamba. Wogulitsa amene aoda pa bokosi sanaone dimbalo, sadziwa cimene cinapoperedwa kapena liti. Botolo lililonse la mankhwala lili ndi masiku olembedwa amene mlimi ayenera kudikira asanathyole. Funso loyenera kufunsa mlimi pooda ndi limenelo: munapopera liti komaliza, ndipo botolo likuti masiku angati? Ngati dimba ndi lanu ndipo munasunga masikuwo, nenani zimenezo, pakuti ndi zoona zimene mungaziimire. Lamulo la Competition and Consumer Protection Act la 2010 liletsa kunena zabodza kapena zosokeretsa pa katundu wogulitsa. Sindiyembekezera kuti wina adzatengera mai wa pa thebulo ku khoti cifukwa ca mulu wa K5, koma ku Chiparamba khoti ndi pa citsime, ndipo milandu yake siicedwa kuweruzidwa.

Kwa inu ogula, cithunzi cili ndi zimene cingakuuzeni mukacigwira ndi cala kuti cisathawe. Yang'anani kapesi. Kakakhala kobiriwira ndi kotambasuka, thimati langothyoledwa kumene. Kakauma n'kupindika, papita masiku. Ngati matimati onse awagoneka camutu pansi kuti kapesi kasaoneke, funsani cithunzi cina, cifukwa mbozi ya Tuta ikonda kulowera pamenepo, n'kusiya kabowo kakang'ono kokhala ndi tindowe takuda. Ngati onse aonetsa kumutu kokha, kumbukirani kuti kudera kwa kumatako, kumene kubwera thimati likasowa madzi okwanira nthawi zina pokula, kubisala pansi. Matimati onyezimira ndi timadontho ta madzi akongola pa cithunzi, koma awaza madziwo kuti aoneke bwino, ndipo thimati lonyowa lotsekeredwa m'pulasitiki pa dzuwa liola msanga. Cikomekome ca mkuyu tonse ticidziwa. Wogulitsa wokhulupirika sataya kanthu akadula thimati limodzi pakati n'kuliika patsogolo pa mulu pojambula.

Bvuto lina limene lifooketsa ambiri silili m'mau konse. Mai aika cithunzi masiku asanu, palibe woyankha, n'kunena kuti za pa foni n'zacabe. Asanatero atsegule Status yake ndi kukhudza kacizindikiro ka diso m'munsi. Adzaona maina a amene aiona, kupatula amene anazimitsa "Read receipts" pa foni yao. Kawirikawiri apeza kuti ndi anthu khumi ndi awiri, ndipo theka ndi abale a ku Lusaka ndi ku Copperbelt amene sangagule thimati la ku Chiparamba. Cifukwa cake n'cakuti Status ioneka kokha pamene nonse awiri mwasungana manambala. Inu mungasunge nambala ya kasitomala, koma iye akapanda kusunga yanu sadzaona kanthu. Conco nchito yaikulu icitikira pa thebulo pomwe: wogula amene wakondwa ndi katundu, mupempheni asunge nambala yanu pomwepo muli kuona, ndi dzina losaiwalika, monga Amai a Matimati Chiparamba. Muonenso pa "Status privacy" kuti pali "My contacts". Ana amene amasewera ndi foni nthawi zina asiya pa "Only share with...", ndipo malonda anu aonedwa ndi anthu atatu.

Kale wofuna kulengeza malonda ku Chipata anali kulipira cilengezo pa Breeze FM kapena pa Radio Maria, ndipo cimeneci cikali ndi malo ake kwa ogulitsa mbeu ndi feteleza. Wa bokosi limodzi sakanakwanitsa, ndipo bokosi likanaola cilengezo cisanaulutsidwe. Status ndi cilengezo ca munthu wa bokosi limodzi, comufikira pa mtengo wa bandulo ya tsiku. Kusiyana kwake n'kwakuti pa wailesi pali munthu amene aleka kuwerenga cilengezo nthawi yake ikatha, pamene pa foni muyenera kucicotsa nokha.

Ici ndico comaliza cimene mlamu wanga anaphunzira, ndipo anaciphunziranso mowawa. Tsiku lina matimati anatha pa 11 koloko, iye n'kupita kumunda, foni n'kuisiya pa caji kwa neba. Status inapitiriza kuitana anthu mpaka m'mawa mwake. Bambo wina anapalasa njinga madzulo kucokera kutali, napeza thebulo lopanda kanthu. Masiku ano mulu womaliza ukangopita, asanapukute n'komwe thebulo, atsegula foni, afufuta cithunzi ca m'mawa, n'kujambula bokosi lopanda kanthu. Pansi pake alemba kuti: "Atha, zikomo. Ena abwera pa Mande m'mawa. Wofuna baketi anene Sondo isanathe kuti ndimuodere." Pa Mande akapita ku dimba adziwa kale mabaketi amene ali ndi eni ake, ndipo mlungu wathawu anaoda mabokosi awiri m'malo mwa limodzi.